Kanema wanu wa ulimi mumpatse mutu umene mlimi angalembe pofufuza

Kalabu ina ya achinyamata olima kachewere cha ku Bembeke inandionetsa kanema amene anajambula ndi foni m'munda mwawo mvula ili pakati. Kunena zoona, ndi kanema wabwino. Mnyamata akutembenuza tsamba, akuonetsa zoyera zonga thonje kunsi kwake, kenako akudula tsinde la mbewu ina yofota n'kuliviika m'tambula ya madzi. Zimene ife alangizi timalongosola tsiku lonse, iwo anazionetsa m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Dandaulo lawo linali lakuti kanemayo anangoonedwa sabata imene anamutumiza m'magulu a WhatsApp, kenako zii. Nditayang'ana mutu umene anaupereka pa YouTube ndinapeza uwu:

```
Ulimi ndi chuma part 3
```

Malo ofotokozera kanemayo, a `Description`, anali opanda kanthu. Vuto lonse linali pamenepo, ndipo ndikufuna tilikonze limodzi chifukwa ndaliona kwa ambiri, ku Lobi, ku Mayani, ngakhale kwa anzathu a ku Tsangano.

Taganizirani mayi wa ku Lizulu amene walowa m'munda m'mawa n'kupeza masamba a kachewere ada ngati wina wawathira madzi otentha. Bando imene wagula ndi yochepa. Akatsegula YouTube salemba kuti ulimi ndi chuma. Amalemba chimene chamudetsa nkhawa: chiwawu cha kachewere, kapena masamba a mbatatesi akupsa, kapena mankhwala a chiwawu. YouTube imatenga mawu amenewo n'kuyang'ana makanema amene mutu wake, kufotokoza kwake ndi zam'kati mwake zikugwirizana nawo. Musadalire kuti makinawo amva Chichewa chimene mukulankhula m'kanemamo. Chimene angawerenge mosakayika ndi chimene mwalemba ndi manja anu. Ngati mawu oti chiwawu ndi kachewere sanalembedwe paliponse, mayi uja adutsa pakhomo panu osadziwa kuti yankho lake lili m'nyumbamo.

Choncho musanalembe mutu, dzifunseni kuti kanemayu akuyankha funso liti, ndipo likhale limodzi. Funsolo mulinene monga momwe mlimi amalinenera akakupezani pa msika kapena pa tsiku lachionetsero, osati monga lalembedwera m'buku la kusukulu ya zaulimi. Ine ndili ndi tsamba kumapeto kwa kope langa pomwe ndimalemba mafunso a alimi mawu ndi mawu. Palibe amene anandifunsapo za "kasamalidwe ka mbewu ya mbatata ku matenda". Amati, "Alangizi, kachewere wanga akupsa, ndithire chiyani?" Mutu wa kanema uli kale m'funso limenelo.

Njira yachiwiri yopezera mawu ndi bokosi lofufuzira la YouTube lomwelo. Lembani mawu oyamba okha, monga `kachewere` kapena `ulimi wa`, musadinde kufufuza, muone zimene likukumalizirani pansi pake. Zimenezo zimachokera ku zimene anthu ena akhala akufufuza. M'Chichewa nthawi zambiri zimatuluka zochepa kapena osatuluka kanthu. Musagwe mphwayi. Fufuzanibe mawuwo muone makanema amene akubwera. Mukapeza kuti akubwera ndi a nyimbo kapena a kuphika, dziwani kuti malowo ndi tsala, palibe amene walimapo, ndipo kanema wanu angathe kukhala pamwamba mosavuta.

Tsopano mutu wa anyamata aja tinaulemba chonchi:

```
Chiwawu cha kachewere: masamba akuda ngati apsa, nditani? | Late blight, Dedza
```

Onani mmene mawu afolera. Dzina la vuto ndi dzina la mbewu zili kutsogolo. YouTube imalola zilembo 100 pa mutu, koma pa foni mutu wautali umadulidwa kumapeto, choncho chimene chili chofunika chisakhale kumchira. Dzina la kalabu yanu, nambala ya gawo, moni, zonsezi zisatsogole. Dzina la tchanelo limaoneka kale pansi pa kanema aliyense, kuliikanso kutsogolo kwa mutu n'kuwononga malo. Pambuyo pa dzina la matenda pakubwera chizindikiro chimene mlimi akuona ndi maso. Ichi ndimachiumirira chifukwa alimi ambiri dzina la matenda salidziwa. Akanalidziwa bwenzi atapita kale kogula mankhwala. Amafufuza ndi zimene aona.

Za Chingelezi chakumapetocho tinatsutsana pang'ono. Mmodzi ankafuna mutu wonse ukhale wa Chingelezi kuti aonere anthu ambiri. Ndinamukana. Mutu wa Chingelezi chokhachokha umaitana munthu wa ku Kenya kapena ku India, iye akamva Chichewa amatuluka masekondi ochepa asanathe, ndipo kanema amene anthu amangolowa n'kutuluka YouTube siipitiriza kumuonetsa kwa ena. Komanso n'zoona kuti ophunzira, ogulitsa mankhwala ndi alimi ena amafufuza ndi dzina la Chingelezi. Ndiye tinagwirizana kuti Chichewa chitsogole, dzina lachingelezi la matenda litsatire, kuti aliyense adziwe asanatsegule kuti muno mulankhulidwa Chichewa. Dzina la Dedza likuuza mlimi kuti nyengo ndi dothi ndi zonga zakwawo, kozizira ndi kwa nkhungu kumene chiwawu chimakonda.

Kufotokoza, kapena kuti `Description`, kumalola zilembo 5,000, koma ndi mizere yoyambirira yokha imene imaoneka munthu asanadinde kuti awerenge zonse. Mizere imeneyo ambiri amaitayira moni ndi kupempha anthu kuti atsatire tchanelo. Inu muyikepo yankho. Yathu inatuluka motere:

```
Mmene mungadziwire chiwawu pa mbatata ya kachewere (mbatatesi) ndi
kuchisiyanitsa ndi matenda ofotetsa. Tajambula ku Bembeke, Dedza,
nyengo ya mvula. Chiwawu chimapewedwa ndi kupopera msanga; mbewu
yofota izulidwe, kupopera sikuichiza.

0:00 Masamba akuda ngati apsa
1:10 Zoyera kunsi kwa tsamba
2:40 Kuyeza tsinde m'tambula ya madzi
4:30 Nthawi yopopera
6:00 Kuzula mbewu yofota
```

Anyamata ena anaopa kuti tikalemba yankho anthu saonera kanema. Si choncho. Munthu wa bando yochepa amafuna atsimikize kaye kuti zimene akufuna zilimo asanawononge. Akawerenga kuti mukusiyanitsa chiwawu ndi kufota, amatsegula, chifukwa mawu sangamuonetse ulusi woyera ngati mkaka umene umatsika kuchokera pa tsinde lodulidwa m'madzi oyera. Zimenezo ndi zoona ndi maso basi.

Mizere ya nthawiyo imagawa kanema m'zigawo zimene munthu angalumphire. Kuti igwire ntchito, woyamba ukhale `0:00`, ikhalepo itatu kapena kuposa, itsatane bwino, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Mukayamba ndi `0:05` zigawo zanuzo sizituluka. Mzere uliwonse muulembe ndi mawu amene munthu angafufuze. Kulemba kuti gawo lachiwiri sikuthandiza aliyense.

M'munsi mwake pitirizani ndi ziganizo zenizeni, ndipo apa ndi pamene mayina ena a chinthu chomwecho amalowa. Mbewu imodziyi ena amati kachewere, ena mbatatesi, ena mbatata ya kachewere. Mutu sunganyamule onse, kufotokoza kungathe. Ngati mwatchula mankhwala, lembani dzina monga lalembedwera pa paketi, mwachitsanzo `Dithane M-45` kapena `mancozeb`, chifukwa mlimi akakhala pa shopu amakopera zimene akuwerenga. Lembaninso kukula kwa sipuleya imene munagwiritsa ntchito, ngati ndi ya malita 16 nenani, ndipo muwonjezere kuti mlingo atsate wa pa paketi. Apa ndimalankhula molimba, chifukwa mlingo wongoti masipuni akutiakuti popanda kunena madzi ake umawotchetsa mbewu za anthu. Chimene simuyenera kuchita ndi kuunjika mndandanda wa mawu osalumikizana, fodya, soya, nkhuku, Bullets, zonse pansi pa kanema wa kachewere. Malamulo a YouTube amaletsa zimenezo, ndiponso amene zamukoka si mlimi wanu.

Bokosi la `Tags`, loikamo mawu ofufuzira kanema, musatayepo nthawi yambiri, YouTube yomwe imanena kuti thandizo lake n'lochepa. Pomwe limathandiza ndi pa mawu amene anthu amalemba mosiyanasiyana, ndipo ife tili nawo ambiri chifukwa cha l ndi r: `kachewere`, `kachewele`, `chiwawu`, `chiwau`. Ikani amenewo, mwatha.

Chenjezo lina ndi la mitu yolonjeza. "Mankhwala othetseratu chiwawu tsiku limodzi" ingakope anthu, koma tsamba limene lapsa kale silibwerera, kupopera kumangoteteza amene atsala. Mlimi akazindikira kuti mwamunamiza amatuluka, ndipo choipa kwambiri n'chakuti tsiku lina mukadzanena zoona sadzakukhulupirirani. Mutu ulonjeze zokhazo zimene zili m'kanema.

Nanga mudziwa bwanji kuti kukonzaku kwagwira? Mutu ndi kufotokoza mungazisinthe nthawi iliyonse mu `YouTube Studio`, momwe mwini tchanelo amasamalirira makanema ake, ndipo linki imene munatumiza kale sisintha, chiwerengero cha oonera sichifufutika. Mukasintha dikirani milungu iwiri kapena itatu, kenako tsegulani kanemayo, pitani pa `Analytics` ndi `Reach`. Pamenepo muona kumene oonera akuchokera. Ngati `YouTube search` yayamba kuoneka pambali pa `External`, kumene kumawerengedwa ochokera ku WhatsApp, anthu osakudziwani ayamba kukupezani. Oonera akachulukirapo, pamaonekanso mawu enieni amene anafufuza. Awerengeni mosamala. Mukapeza kuti ambiri akubwera ndi mawu oti mbatatesi, mawu amenewo akwere kulowa m'mutu.

Pali manambala awiri amene amakuuzani pamene pali vuto. `Impressions` ndi kangati YouTube yaonetsa chithunzi cha kanema wanu kwa anthu. Ikakhala yochepa, mawu anu sakukumana ndi zimene anthu akufufuza, bwererani ku kope la mafunso. Ikakhala yambiri koma `Impressions click-through rate` ili pansi, anthu akukuonani koma sakutsegula, ndiye konzani mutu kapena chithunzi chapamwamba. Kwa kanema wa matenda, chithunzi cha tsamba lodwala chojambulidwa pafupi chimaposa chithunzi cha kalabu yonse itaima pamzere. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza.

Musaiwale nyengo poweruza. Kanema wa chiwawu mukamukonza mu Julayi n'kuona kuti sakuyenda, musathamangire kumusinthanso, chifukwa mafunso a chiwawu amachuluka mvula ikakhazikika ndi nkhungu. Anyamata a ku Bembeke ndinawauza kuti mitu yonse ya makanema a matenda ikhale itakonzedwa pofika Novembala, ndipo ya kasungidwe ka mbewu isanafike nthawi yokumba. Ali ndi gawo loyamba ndi lachiwiri zimene zikadali ndi mutu wakale uja, ndipo limodzi mwa iwo akuti muli kupanga manyowa, kusankha mbewu ndi kukwezera mizere pamodzi. Limenelo mutu umodzi sungalikwanire. Tagwirizana kuti alidule akhale makanema atatu, aliyense ndi funso lake.