Kuchoka pa AF kupita pa MF: malangizo a kamera m'Chinyanja

Malangizo awa ndawamasulira kuchokera m'kabuku ka kamera chifukwa cha inu ojambula a ku Chipata ndi Katete amene mumaoloka pa Chanida kukagwira ntchito ku Tete. Zoika batire ndi khadi ndazidumpha, mumazidziwa kale.

Liwu loti fokasi ndalisiya momwemo, poti tonse timatero. Tanthauzo lake ndi malo amene chithunzi chikuoneka bwino, opanda chimbuuzi. Pa AF kamera imasankha yokha malowo. Pa MF mumasankha ndinu pozunguliza mkombero wa lenzi. Ngati lenzi yanu ili ndi kaswichi kolembedwa AF/MF, yambirani pamenepo, chifukwa kakatsalira pa AF mutha kupotokola mkombero mpaka dzanja kutopa osaona kusintha.

Tiyerekeze muli m'mbali mwa Zambezi, kumunsi kwa mlatho wa Samora Machel, dzuwa likulowa. Msodzi ali m'bwato mamita 3 kuchokera pomwe mwaima, ndipo pakati panu pali bango. AF imathamangira bangolo, popeza ndilo lili pafupi, nkhope ya msodzi n'kutuluka mbuu. Ndi lenzi ya 85mm pa f/1.8, pa kamera ya sensa yaikulu, malo ooneka bwino ndi masentimita 13 okha. Mukaphonya diso pang'ono, mwagwira khutu.

Apa ndi pomwe Peaking imathandiza. Liwuli lilibe lofanana nalo m'chinenero chathu, choncho ndizingoti timizere. Mukaiyatsa, kamera imapaka timizere ta mtundu m'mphepete mwa chilichonse chimene ikuona kuti chathwa. Pa kamera za Sony muona Peaking Level ndi Peaking Color. Kabukuka kamangoti: sankhani mlingo ndi mtundu umene mufuna. N'zoona, koma sikakuuzani kuti timizereto sitiyeza mtunda, timangotsata pamene kuwala ndi mdima zakumana mwamphamvu. Ndiye ukonde wa msodzi, chitenje cha maluwa ndi kunyezimira kwa madzi zimayaka timizere ngakhale fokasi isanafike, pamene tsaya losalala siliyaka konse. Ine ndimaika pa Low. Pa High chithunzi chonse chimachita ngati chathiridwa utoto, ndipo mumakhulupirira bodza. Mtundu sankhani wosiyana ndi zomwe mukujambula: wofiira umasowa dzuwa likamalowa, woyera umasowa pamadzi. Kukada mukakweza ISO, timadontho ta pasikirini natonso timayatsa timizere.

Choncho timizere tikufikitseni pafupi chabe, kumalizitsa n'kokulitsa chithunzi. Pa Sony pali MF Assist, imene imakulitsa yokha mukangokhudza mkombero, ndi Focus Magnifier, imene mumadina nokha. Ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa yoyamba imandibisira chithunzi chonse pomwe bwato likusuntha. Ikani kabokosi pa diso la msodzi, kulitsani, zungulizani mpaka nsidze zioneke, pitirirani pang'ono dala, kenaka bwererani. Mukatero musasunthenso thupi. Kuweramira kutsogolo ngati mukumvetsera nkhani n'kokwanira kutaya masentimita 13 aja. Kuwala kukalola, tsekani pa f/5.6, malowo akula kufika masentimita pafupifupi 40.

Chenjezo limene mulibe m'kabukumo: Tete ndi kotentha. Masana a Okutobala mukakulitsa chinthu chakutali, monga tsidya la mtsinje, muona chithunzi chikuvina. Si lenzi yafa ayi, ndi mpweya wotentha, ndipo mkombero sungakonze zimenezo. Bwerani m'mamawa.

Tsono za batani lakumbuyo. Mwa chizolowezi, batani lojambulira limagwira ntchito ziwiri: mukalidina theka limasaka fokasi, mukalimaliza limajambula. Njira iyi imalekanitsa ntchitozo. Pa Sony ikani AF w/ shutter pa Off, pa Nikon pitani pa AF activation musankhe AF-ON only. Kuyambira apo chala chachikulu chimasaka fokasi pa batani la AF-ON, chala cholozera chimangojambula. Siyani kamera pa AF-C, imene imapitiriza kusaka fokasi nthawi yonse mwagwira batani. Bwato likamayenda, gwiritsitsani AF-ON. Likaima, gwirani nkhope bango litapatuka, chotsani chala, ndipo fokasi ikhala pomwepo ngakhale mphepo ibwezere bango kutsogolo. Dziwani kuti pano mukadali pa AF, choncho pa malenzi ambiri mkombero sumvera mpaka mutabwerera pa MF.

Masiku oyamba chala chimaiwala. Ine ndinapatsa mlamu wanga kamera pa ukwati ku Ulongwe kuti atijambule ndi akwati, osawauza za batanili. Anadina bwinobwino zithunzi 12, zonse zinagwira mtengo wa mango umene ndinajambula poyamba. Mukamabwereka munthu kamera, bwezerani kaye AF pa batani lojambulira.