Momwe mungawerengere ndalama yotapira: kutapa kamodzi kapena pang'onopang'ono?

Nyengo yogulitsa soya, mtedza ndi fodya ikafika ku Kasungu kuno, ogula ena amalipira alimi kudzera pafoni, ndipo funso limene limamveka pa timaofesi ta maejenti kuyambira pa boma mpaka ku Chinkhoma ndi lakuti: kodi kutapa ndalama zonse kamodzi n'kotchipa kuposa kuzitapa pang'onopang'ono? Nthawi zambiri kutapa kamodzi ndiko kumatchipa, koma pali malo amodzi pamene lamuloli siligwira ntchito, ndipo ndi pomwe anthu amataya ndalama osazindikira.

Choyamba, pezani tebulo la mitengo. Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba amayenera kukhala ndi pepala la mitengo pamalo oonekera. Lijambuleni ndi foni kapena mulikopere m'kope, ndipo mufunse ngati lili latsopano, chifukwa mitengo imasintha koma mapepala ena ofwifwa ndi dzuwa amakhalabe pakhoma. Mukaliyang'anitsitsa muona kuti yotapira siwerengedwa pa kwacha iliyonse, koma imayenda m'magawo. Gawo lililonse lili ndi poyambira ndi pothera, ndipo aliyense wotapa ndalama ya m'gawo limenelo amadulidwa mofanana, kaya ali pachiyambi kapena pamapeto pake.

Tigwiritse ntchito manambala a chitsanzo, omwe ndawapanga pofuna kuonetsa kawerengedwe kokha. Inu mulowetsepo mitengo ya patebulo lanu. Tinene kuti kutapa ndalama yosapitirira K5,000 amadula K250, kuchokera K10,001 kufika K20,000 amadula K700, kuchokera K20,001 kufika K50,000 amadula K1,400, kuchokera K50,001 kufika K100,000 amadula K2,300, ndipo kuchokera K100,001 kufika K200,000 amadula K3,500.

Munthu amene akufuna K150,000 m'manja, akatapa kamodzi adulidwa K3,500. Akatapa katatu, K50,000 ulendo uliwonse, adulidwa K4,200. Akamatapa K30,000 tsiku la msika lililonse mpaka kasanu, adulidwa K7,000, yomwe ndi kuwirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti yotapira imakwera pang'onopang'ono kusiyana ndi ndalama yotapidwayo: ndalama ikawirikiza kawiri, nthawi zambiri yotapira siwirikiza kawiri. Apa palibe zovuta, kutapa kamodzi kwapambana.

Zinthu zimasintha ndalama yanu ikangodutsa pang'ono malire a gawo. Tiyerekeze kuti wogula soya wakutumizirani K105,000 ndendende. Choyamba kumbukirani kuti yotapira imachotsedwa pa ndalama yotsala mufoni, sichotsedwa pa imene ejenti akukupatsani, choncho simungatape K105,000 yonse; foni ikuyankhani kuti ndalama ndi yosakwanira. Yochuluka imene mungatape kamodzi ndi K101,500, chifukwa K3,500 ipita ku yotapira. Koma mukatapa K100,000 yokha, mudulidwa K2,300 ndipo mufoni mutsala K2,700, yomwe mungagulire mayunitsi a foni kapena a magetsi popanda kuitapa. Ndiye kuti munthu wofuna kupukuta foni yonse amalipira K1,200 yowonjezera kuti alandire K1,500 yokha pamwamba pa K100,000 ija. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kuwononga ndalama.

Nanga ngati mufoni muli ndalama yokwanira ndipo mukufunadi K105,000 m'manja? Apa ndi pomwe kutapa kawiri kumatchipa. Tapani K100,000, mudulidwe K2,300, kenako mutape K5,000, mudulidwe K250. Zonse pamodzi ndi K2,550 m'malo mwa K3,500, ndipo mwapulumutsa K950. Njira yodziwira ndi iyi: chotserani mtengo wa gawo lapansi ku mtengo wa gawo lapamwamba, apa K3,500 kuchotsa K2,300, itsala K1,200. Kenako onani yotapira ya ndalama imene yadutsa malire ija. Ikakhala yochepera K1,200, gawani pawiri; ikakhala yoposa, tapani kamodzi. Pa K120,000 kugawa kukuthandizabe, chifukwa yotapira ya K20,000 ndi K700, koma pa K125,000 yotapira ya K25,000 ndi K1,400, ndipo kutapa kamodzi kwayambanso kutchipa. Mukagawa, mbali yaikuluyo izikhala pamapeto penipeni pa gawo, osati kudula ndalama pakati ngati mukugawana ndi mnzanu. K105,000 yogawidwa pakatikati imapereka K52,500 kawiri, ndipo zonse zimagwera m'gawo la K2,300, kotero mudulidwa K4,600, kuposa njira zina zonse.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa ejenti penipeni. Masamu mutha kuwachita bwino kunyumba, koma mukafika amakuuzani kuti, "Bambo, ndalama yochuluka choncho ndilibe, tapani kaye theka, inayo mutapa ndikalandira zina." Nthawi zina zimakhala zoona, makamaka m'mawa pa malo ang'onoang'ono ochitira malonda pamene anthu sanayambe kuika ndalama. Koma dziwani kuti ejenti amalandira komishoni pa ntchito iliyonse imene yadutsa pa foni yake, choncho kugawa kumamupindulira iye. Zinandichitikirapo pa msika wina mbali ya ku Santhe. Ejenti anandiuza kuti ali ndi K50,000 yokha, ndinatapa, ndipo ndisanasunthe n'komwe anatsegula kachikwama kena nati, "Mwayi wanu, yapezeka ina, tapaninso." Palibe munthu aliyense amene anabwera kudzaika ndalama pakati pa nthawiyo. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafunsa ndisanakhudze foni: "Muli ndi K150,000 yonse pompano?" Akayamba kuzungulira, ndimapita kwa wina. Kwa ndalama zikuluzikulu, pitani kwa maejenti a pa boma, makamaka amene alinso ndi sitolo, chifukwa ndalama ya m'manja siwathera msanga, ndipo masana ndi abwino kuposa m'mawa.

Palinso ena amene amapempha "kenakake" pamwamba, kapena kukupatsani ndalama yoperewera ponena kuti achotsa yotapira. Musavomere, chifukwa yotapira yadulidwa kale mufoni ndi kampani. Ena amanena kuti muwatumizire ndalamayo ku nambala yawo ngati mukutumizira m'bale, kenako akupatseni m'manja, ati kumatchipa. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake wotumizira, ndipo pakabuka mkangano uthenga wanu suonetsa kuti munatapa kwa ejenti.

Kutapa kwenikweniko ndi kwachidule. Imbani *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, onani kaye ndalama imene muli nayo, sankhani kutapa, lembani nambala ya ejenti ndi ndalama, onetsetsani kuti dzina lotuluka ndi la malo amene mwaima, kenako lowetsani nambala yanu yachinsinsi nokha. Uthenga ukafika, chotserani ndalama yotsala ku imene munali nayo poyamba; kusiyana kwake kukhale ndalama imene mwatapa kuphatikiza yotapira ya patebulo.

Ngati mukuchokera kutali, onjezerani mtengo wa kabaza pa masamu anu, chifukwa ulendo wachiwiri wopita kwa ejenti ungathe kudya ndalama yoposa K950 ija. Ndipo ngati kuyenda ndi ndalama zambiri m'thumba pa tsiku la msika kukukudetsani nkhawa, tapani zimene mukufuna tsikulo mpaka pamapeto pa gawo, zotsalazo mulipirire katundu pafoni kwa ogulitsa amene amalandira choncho, mutafunsa kaye mtengo wolipirira.