Kalata yopempha atachimenti ku fakitale ya tiyi

"Ndili chaka chachitatu ku MUST, ndikufuna atachimenti ku esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Kalatayo ndiilembe bwanji?"

Musanayambe, khalani ndi kalata ya ku dipatimenti yanu yokhala ndi chidindo, sivi yanu, ndi masiku enieni amene sukulu yakupatsani.

1. Lembani m'Chingerezi, pa kompyuta, tsamba limodzi basi. Pamwamba ikani keyala yanu, nambala ya foni ndi deti.

2. Lemberani mkulu woona za antchito. Imbani foni kaye mufunse udindo wake weniweni, chifukwa kalata yopanda mwini imangogona pa tebulo.

3. Mutu unene kuti mukupempha atachimenti. Ndime yoyamba itchule sukulu, maphunziro ndi chaka chanu.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amalemba kuti akufuna kuphunzira ntchito iliyonse, nthawi iliyonse. Wowerengayo sadziwa kuti akuperekeni kwa ndani, ndiye amangoisiya. Tchulani gawo ndi masiku. Ngati mukuchita zauinjiniya, nenani kuti mukufuna ku fakitale, komwe amafotetsa, kudula ndi kuumitsa masamba, kapena ku boyila, kuyambira 6 Januwale mpaka 28 Malichi, mwachitsanzo. Masiku otere ndi abwino, poti nthawi yamvula tiyi amachuluka ndipo makina amakhala akugwira ntchito kwambiri.

5. Nenani komwe muzikagona. Ngati muli ndi abale ku Bvumbwe kapena pa boma, lembani zimenezo. Mwawachotsera nkhawa ya nyumba. Za ndalama musayambe ndinu.

6. Sainani, phatikizani mapepala aja, kaperekeni nokha miyezi iwiri nthawi isanakwane. Sungani kope, ndipo pakatha milungu iwiri imbani foni mufunse.