Momwe mungafotokozere zaka zimene munakhala pakhomo mukamafunsiranso ntchito

Munthu amene wakhala zaka zingapo osagwira ntchito yolembedwa amaopa funso limodzi kuposa onse: "Nanga kuchokera 2019 mpaka lero munali kuti?" Ambiri amalakwa njira ziwiri. Ena amabisa zakazo, ena amalongosola mavuto onse a pabanja ngati ali pabwalo la amfumu. Olemba ntchito safuna zonsezo. Akufuna kudziwa ngati chimene chinakuchotsani pantchito chinatha, ndiponso ngati ntchitoyo mukuidziwabe.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Ndirande amene anali kalaliki wowerengera ndalama pa kampani ina mu Limbe kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anasiya mu Malichi 2019 kuti akadwazike mayi ake kumudzi ku Thyolo. Matenda anatenga zaka zitatu, maliro anachitika, kenako anakhalabe pakhomo kulera ana. Tsopano akufuna kubwerera.

Choyamba: pitani kumene munkagwira ntchito

Musanalembe kalata iliyonse, katengeni umboni. Lamulo la za ntchito la 2000 limalola wogwira ntchito kupempha chikalata chosonyeza kuti anagwirapo ntchito pamalopo, nthawi imene anakhalapo ndi udindo wake. Ngati munachoka osatenga, kapempheni. Musachedwe, chifukwa mabwana amasintha, ndipo makampani ena amatseka.

Ulendo womwewo funafunani munthu amene ankakuyang'anirani. Ngakhale atasamukira kwina, iyeyo ndiye mboni yabwino, osati wa mu ofesi yolemba anthu ntchito amene wangobwera dzana ndipo sakukudziwani. Muimbireni, mumukumbutse zimene munkachita, mumupemphe chilolezo choika dzina lake. Nambala za foni za zaka zisanu zapitazo zambiri sizigwiranso. Olemba ntchito akaimba kawiri osayankhidwa, amangotenga kalata ya wina.

Chachiwiri: lembani zimene munachitadi pa zakazo

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzichepsa. Mayi uja atafunsidwa anganene kuti "ndinangokhala." Koma kwa zaka zitatu anali msungichuma wa banki m'khonde ya anthu 25. Ankalemba masheya sabata iliyonse, kutsatira ngongole ndi chiwongoladzanja, ndi kuwerengera gawo la aliyense pogawana kumapeto a chaka. Imeneyo ndi ntchito ya mabuku a ndalama, ndipo wapampando wa gululo atha kuichitira umboni. Ngati munkagulitsa kaunjika, kuweta nkhuku kapena kusunga ndalama za kumpingo, lembani ndi manambala ake: anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, inu munkachita chiyani.

Koma musakuze zinthu. Kugulitsa mandasi pakhomo musakutchule kuti munali mkulu wa kampani. Wofunsa wanzeru adzangoti, "Kampaniyo inalembetsedwa liti?" ndipo zonse zimene munanena poyamba zidzayamba kukayikitsa.

Pa CV, zaka za pakhomo zikhale ndi mzere wakewake, pamalo pake, monga ntchito zina zonse. Wa mayi uja ungati: Epulo 2019 mpaka pano, ndinapuma pantchito kusamalira banja, msungichuma wa banki m'khonde ya anthu 25 kuyambira 2022. Basi. Musasunthe chaka chimene munasiyira ntchito pofuna kuchepetsa mpatawo. Foni imodzi yopita kwa abwana akale ikwanira kuulula bodzalo, ndipo likadziwika mutalembedwa kale mutha kuchotsedwa nalo ntchito.

Chachitatu: pezani chimene chinasintha inu kulibe

Tengani zotsatsa ntchito zisanu za udindo umene mukufuna, za m'nyuzipepala kapena pa intaneti, muone mawu amene akubwerezedwa koma inu simukuwadziwa. Mndandanda umenewo ndiwo sukulu yanu. Kwa wowerengera ndalama, misonkho tsopano imatumizidwa ku MRA kudzera pa Msonkho Online, magawo a msonkho wa PAYE asintha kangapo, ndipo lamulo la penshoni linalembedwanso mu 2023. Munthu wonena manambala a 2019 mu intaviyu amadziulula yekha kuti anatsalira.

Simukufunika digiri ina. Pemphani mnzanu amene adakali pantchito akuonetseni Loweruka limodzi kapena awiri, bwerezani Excel, ndipo ngati zotsatsazo zikutchula mapulogalamu a pakompyuta owerengera ndalama monga Sage kapena QuickBooks, chitani kosi yaifupi. Ngati ntchito yanu ili ndi bungwe loiyang'anira, monga ICAM kwa akadaulo owerengera ndalama kapena khonsolo ya anamwino ndi azamba, kafunseni msanga zofunika kuti dzina lanu libwerere m'kaundula. Zimenezi zimatenga nthawi ndi ndalama, ndiye musadikire kuti akuitaneni kaye.

Chachinayi: yankho lenilenilo

Likhale ndi zigawo zitatu, ndipo lisapitirire mphindi imodzi: chifukwa chimene munachokera, kuti nkhaniyo inatha, ndi chimene mwabwera nacho. Mayi uja angayankhe motere:

"Ndinasiya ntchito mu 2019 kuti ndikadwazike mayi anga. Iwo anatisiya mu 2022, ana nawo tsopano ali pasukulu ndipo ndili ndi wowayang'anira, choncho nditha kugwira ntchito tsiku lonse. Pa nthawiyi ndakhala ndikusunga mabuku a banki m'khonde ya anthu 25, ndipo miyezi itatu yapitayi ndaphunziranso Sage ndi katumizidwe ka misonkho pa Msonkho Online."

Akatero akhale chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, chifukwa pakakhala zii mtima umafuna kuwonjezera, ndipo zowonjezerazo ndi zimene zimawononga: kupepesa, kudandaula za achibale amene sanathandize, kufotokoza za kuchipatala. Kudwazika kholo si mlandu, musayambe ndi "pepani."

Gawo lapakati ndilo ambiri amaliiwala, pamene ndilo wofunsa akulimvetsera kwambiri. Mumtima mwake akufunsa kuti, kodi ameneyu satithawanso pakatha miyezi isanu? Muyankheni asanafunse. Ngati munadwala ndinu, simukakamizidwa kutchula matendawo; nenani kuti munali ndi vuto la thanzi, munalandira chithandizo, ndipo tsopano mutha kugwira ntchito. Ngati munachotsedwa chifukwa kampani inachepetsa antchito, nenani momwemo popanda kunyoza abwana akale.

Yeserani mokweza, m'chilankhulo chimene intaviyuyo idzachitikire, pamaso pa munthu amene sakuchitirani manyazi. Mudzadziwa kuti yankho lapsa ngati iye akamva akufunsa za mabuku a banki m'khonde kapena za Sage. Akafunsa kuti "Anadwala chiyani mayiwo?" ndiye kuti mwakhalitsa pa gawo loyamba, lidulenipo. Ngati pa maliropo mawu akukutsamwitsani, sinthani n'kungoti "udindo umenewo unatha mu 2022."

Za malipiro

Musatchule malipiro anu akale ngati poyambira. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi uja akanena kuti ankalandira K250,000 ndipo angakondwe ndi K300,000, wadzigulitsa motchipa kwambiri osadziwa. Afunse anthu awiri kapena atatu amene ali pa udindo womwewo lero, apite ndi nambala ya lero.

Mwina adzamupatsa udindo wotsikirapo kapena kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndimati alandire ngati ntchitoyo ili mu luso lake, chifukwa mzere umodzi watsopano pa CV umachititsa kuti wofunsa wotsatira ayambire pamenepo osati pa 2019. Koma asanasaine awerenge za nthawi yoyeserera, imene lamulo silimalola kuti ipitirire miyezi 12, ndipo apemphe kuti tsiku lounikanso malipiro lilembedwe m'kalata yomulembera ntchitoyo.