Mwana wapsa ndi phala: momwe mungadziwire kuya kwa bala ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Thyolo kumazizira koopsa, ana sachoka pambaula. Tinene kuti mwana wa zaka ziwiri wagubuduza poto wa phala, lamutayikira pachifuwa ndi pamkono.

Musanayambe kuyang'ana bala, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, a pampopi kapena a pamjigo. Phala limakakamira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha, choncho likokololeni ndi madziwo. Vulani malaya ndi zibangili, koma nsalu yomatirira pabala isiyeni. Mbali zina za thupi mufunditseni asazizidwe. Kolugeti, dzira, mafuta ophikira, ayezi, zonsezi ayi. Zimabisa mtundu wa bala, zina zimalowetsa majeremusi.

Kenako mupite naye powala, musambe m'manja, muone bwino. Ngati khungu lauma, langofiirira kapena kuderapo, likuwawa koma palibe matuza, lapsa pamwamba pokha ndipo limapola pasanathe sabata. Pakakhala matuza, kapena khungu lasupuka n'kuoneka pofiira ponyowa, mwana n'kumakuwa ngakhale mphepo ikangomukhudza, moto walowa pakatikati. Matuzawo musaboole. Posupukapo dinani pang'ono ndi chala choyera: pakayera kenako n'kufiiranso msanga, magazi akuyendabe, ndipo bala lotere limapola m'masabata awiri kapena atatu.

Lomwe limapusitsa anthu ndi bala loyera mbee, lotuwa kapena lakuda bii, louma gwa ngati chikumba, lomwe mukadina silisintha mtundu. Silipweteka kwenikweni, ndiye kunyumba amati “bola pamenepa”. Ayi ndithu, mitsempha yomvera ululu yapsera limodzi. Limeneli nthawi zambiri limafuna kumatapo khungu lochotsedwa pena, ntchito yomwe odwala ambiri amatumizidwira ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kukula kwake yezani ndi chikhatho cha wopsayo, osati chanu. Chikhatho ndi zala zomwe ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lake. Werengani pamatuza ndi pakuya pokha. Mwana wathu uja, zikhatho zinayi pachifuwa, ziwiri pamkono, zakwana 6. Mwana akapitirira 5, wamkulu 10, thupi limataya madzi ambiri ndipo angafunike dilipi. Phimbani ndi nsalu yoyera yosita, pezani kabaza, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Thyolo tsiku lomwelo.

Mabala ena ngakhale achepe sasungidwa pakhomo: lakuya lililonse, la kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche, pachigongono kapena pabondo, lozungulira mkono wonse, la magetsi kapena asidi. Chimodzimodzi khanda, wodwala shuga, wakhunyu amene wagwera pamoto, ndi amene mawu asasa atapuma utsi.

Laling'ono lomwe mukusamala kunyumba muliyang'anenso tsiku lachiwiri ndi lachitatu, chifukwa lina limazama pambuyo pake. Likayamba kuyera, kununkha, kutuluka mafinya, mwana n'kutentha thupi, kapena masabata awiri akatha lisanapole, pitani nalo kuchipatala.