Anthu asanu, masitayilo asanu: momwe mungaphatikizire maleferensi a asainimenti ya gulupu

Gulupu ya anthu asanu yagawana machaputala, tsiku lopereka layandikira, ndipo aliyense wabwera ndi mndandanda wake wa mabuku. Wina walemba mwa APA, wina Harvard, wina MLA, awiri enawo agwiritsa ntchito manambala, mmodzi IEEE winayo Vancouver. Funsani alekichala sitayilo yomwe akufuna. Apa titenga APA ya nambala 7. Ntchitoyi agwire munthu mmodzi pa laputopu imodzi, koma musaphatikize mindandandayo kaye.

Yambani ndi machaputala a anzanu awiri a manambala aja, chifukwa apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera. Mu IEEE ndi Vancouver, nambala ilibe tanthauzo payokha: imangosonyeza malo omwe bukulo lili pa mndandanda wa mwini wake. Tiyerekeze kuti mu chaputala chachiwiri `[4]` ndi lipoti la kalembera wa 2018, pomwe mu chaputala chachinayi `(4)` ndi lipoti la kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16. Mukangosakaniza mindandanda n'kuisanja motsatira alifabeti, palibenso angadziwe kuti 4 uyu anali buku liti, ngakhale mwini wake. Choncho tsegulani chaputala chilichonse pachokha, mndandanda wake uli pambali, ndipo sinthani nambala iliyonse kukhala dzina ndi chaka. Mu Word dinani `Ctrl+H`, lembani `[4]` kapena `(4)` pamodzi ndi mabulaketi ake. Mukalemba 4 yekha, kompyuta isinthanso 14, 40, ngakhale ziwerengero za m'matebulo. Zolembedwa ngati `[2]-[5]` kapena `(2-5)` zikutanthauza mabuku anayi, osati awiri, ndipo izi muzikonze pamanja. Ngati mnzanu anaika maleferensi ndi pulogalamu ya Zotero kapena Mendeley, manambalawo amatha kusintha okha mukamakopera. Sungani kope ina, sankhani zonse ndi `Ctrl+A`, kenako dinani `Ctrl+Shift+F9` kuti asanduke zilembo wamba.

Wa MLA naye ali ndi msampha wake. Nambala yomwe ili pambali pa dzina ndi peji, si chaka. Chakacho mukachipeze chakumapeto kwa leferensi pa mndandanda wake.

Tsopano phatikizani mindandanda yonse, sankhani, dinani `Sort` pa `Home` mu Word. Mabuku obwerezedwa ambiri ayandikana, koma osati onse. Lipoti la kalembera lija, la ofesi ya NSO yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, mudzalipeza katatu: wina analemba `NSO`, wina `National Statistical Office`, wina `Government of Malawi`. Zaka nazo zidzasiyana, poti kalembera anachitika mu 2018 koma lipoti lalikulu linatuluka mu 2019, ndipo chomwe chimalembedwa ndi chaka chotulukira. Musavote kuti wolondola ndani, tsegulani lipotilo muone chikuto chake. Litsale kamodzi, chonchi:

```
National Statistical Office. (2019). 2018 Malawi population and housing census: Main report.
```

Dzina la lipoti lipendekeke. Wosindikiza sitinamulembe chifukwa ndi yemweyo wolemba.

Mukapeza malipoti awiri osiyana a wolemba mmodzi a chaka chimodzi, fufutani ma `a` ndi ma `b` omwe aliyense anaika payekha. Perekani zilembo zatsopano motsatira alifabeti ya mitu ya malipotiwo, kenako mukonzenso m'machaputala onse asanu.

Njira yachidule ilipo kwa mapepala okhala ndi DOI, nambala yapadera yozindikiritsa pepala pa intaneti. Zotero ndi yaulere, imangodya bandulo pang'ono. Ikani DOI pa `Add Item(s) by Identifier`, idzakoka zonse yokha, ndipo `Duplicate Items` idzakuonetsani obwerezedwa. Malipoti a boma ndi matesisi ambiri alibe DOI, amenewo ndi a pamanja basi. Koma chenjerani ndi anthu omwe amati muwapatse kenakake akukonzereni maleferensi. Ambiri amangosanja kuti zioneke bwino osatsegula chaputala ngakhale chimodzi, ndipo tsamba lokongolalo silidzagwirizana ndi zomwe zili m'kati.

Zotsalazo n'zachangu. Mayina oyamba afupikitsidwe kukhala zilembo, chaka chibwere pambuyo pa dzina, ndipo `Ctrl+T` imalowetsa mizere yachiwiri m'kati. Olemba akakwana atatu kapena kupitirira, m'chaputala mumalemba woyamba yekha ndi `et al.` Pomaliza, fufuzani dzina lililonse la pa mndandanda ndi `Ctrl+F`. Lomwe silikupezeka m'chaputala ngakhale chimodzi lichotsedwe, ndipo lomwe lili m'chaputala koma pa mndandanda palibe, muimbireni mwini chaputalacho. Popita kokapulinta, kaya ku Chikanda kaya m'tauni, tengani PDF osati fayilo ya Word, poti pa kompyuta ina mizere imasuntha, ndipo funsiranitu mtengo wa peji imodzi asanadine.