Matagi a kanema wautali pa YouTube: angati akwanira, nanga kudzaza bokosi kumathandiza?

Amene mumaika makanema aatali pa YouTube, kaya ndi ulaliki wa ola lathunthu, phunziro la ulimi kapena zokambirana za mpira, mumalidziwa bokosi lolembedwa `Tags` lija. Pa kompyuta limabisala pansi mu YouTube Studio, mpaka mudine `Show more` pa tsamba la `Details` kuti mulione. Ambiri akalipeza amaona ngati atulukira chinsinsi, ndipo amatha theka la ola akuunjikamo mawu mpaka likane kulandira ena. Langizo langa ndi ili: kanema wautali amukwanira matagi asanu kufikira asanu ndi atatu, olembedwa pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Nambala imeneyi ndi ya ine mlangizi, chifukwa YouTube yokha sinaikepo chiwerengero cha matagi. Chimene inaika ndi malire a zilembo.

Bokosilo limalandira zilembo 500 zonse pamodzi, osati mawu 500. Mipata ndi makoma olekanitsa matagi zimawerengedwa nawo, ndipo tagi ya mawu awiri kapena kuposerapo imadya malo a zilembo ziwiri zoonjezera. Pansi pa bokosi pamaoneka kanambala kosonyeza pamene mwafika, monga `130/500`. Kanambala kameneka ndi kamene kamapusitsa anthu. Munthu akaona kuti wangofika pa 130 amamva ngati wasiya ntchito pakati, chonsecho 500 ndi polekezera chabe, si mlingo woti mukwanitse.

Kudzaza matagi si nzeru yopeka dzulo ayi, kunali ndi nthawi yake. M'zaka zoyambirira za YouTube matagi ankaoneka poyera pansi pa kanema aliyense, ndipo anthu ankakopera a makanema otchuka n'kuwamata pa awo. Mu 2012 zinthu ziwiri zinasintha. Matagi anachotsedwa pamaso pa oonera, ndipo YouTube inalengeza kuti posankha makanema oti ionetse anthu iziyang'ana kwambiri nthawi imene anthu akhala akuonera, osati kungodina kokha. Lero tsamba lothandiza anthu la YouTube limanena mosabisa kuti mutu wa kanema, chithunzi chake cha pamwamba ndi zimene mwalemba mu `Description` ndi zofunika kuposa matagi, ndipo kuti matagi amathandiza makamaka pamene nkhani ya kanema wanu ili ndi mawu amene anthu amalakwitsa kalembedwe kake. Kupatula apo, gawo lawo ndi lochepa kwambiri. Malangizo oti mudzaze bokosi amene akuyendayendabe ndi otsalira a nthawi yakale ija.

Mfundo ya kalembedweyi ndi imene ikutikhudza ife opanga makanema m'Chichewa kuposa anzathu a Chingerezi, ndipo apa ndi pamene matagi akadali ndi ntchito yeniyeni. Mawu amodzi omwewo timawalemba mosiyanasiyana. Wina alemba feteleza, wina fetereza. Wa ku Lilongwe alemba nsima, wa ku Lusaka nshima. Chilankhulo chomwechi wina amachitcha Chichewa, wina Chinyanja, wina Nyanja basi. Komanso ambiri akamasaka pa foni amasakaniza ndi Chingerezi ngakhale akufuna kanema wa Chichewa. Simungaike mitundu yonseyi m'mutu wa kanema, ungaoneke ngati wolembedwa ndi munthu wachibwibwi, ndiponso mutu uli ndi malire a zilembo 100. Malo ake ndi m'bokosi la matagi.

Titenge kanema wa mphindi 40 wophunzitsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya, kuyambira kusonkhanitsa ndowe, phulusa ndi madeya, kusakaniza, kumanga m'thumba, mpaka kuthira m'munda wa chimanga. Mutu wake ndi "Kapangidwe ka manyowa a Mbeya: kuyambira kusakaniza mpaka kuthira m'munda". Matagi amene ndingamuikire ndi awa:

```
manyowa a mbeya, feteleza wa mbeya, fetereza wa mbeya,
mbeya fertilizer, mbeya fertiliser, mbeya manure,
ulimi wa chimanga
```

Alipo asanu ndi awiri, ndipo sakufika n'komwe pa zilembo 150. Yoyamba ikubwereza nkhani yeniyeni ya kanema. Zisanu zotsatira ndi njira zina zimene mlimi angalembere chinthu chomwecho, ziwiri za Chichewa ndi zitatu za Chingerezi. Yomaliza ikungonena gulu la nkhani limene kanemayu ali. Onani kuti palibe tagi yakuti `mbeya` payokha. Mbeya ndi mzinda wa ku Tanzania, ndipo amene walemba liwu limeneli lokha mwina akufuna za basi kapena za malo ogona kumeneko. Akatsegula kanema wanu atuluka pasanathe masekondi khumi, ndipo mwapindula chiyani?

Tsono taonani zimene zimachitika munthu akafuna kufika pa 500. Nkhani ya manyowa yatha pa matagi asanu ndi awiri aja, ndiye kuti otsalawo achokera kwina. Amayamba ndi mawu otakata monga `malawi`, `farming`, `africa`, `agriculture`, amene ali pa makanema ochuluka zedi moti sanena kanthu za wanuyu. Kenako `viral`, `trending`, `new video`. Bokosi likapanda kudzazabe, mumalowa dzina la woimba wotchuka, la timu ya mpira, la mlaliki amene anthu akumukamba sabata imeneyo. Magulu awiri oyambawo ndi kutaya nthawi chabe, sakukwezani ndipo nthawi zambiri sakugwetsaninso. Gulu lachitatu ndi limene lili ndi ngozi, chifukwa malamulo a YouTube amaletsa kulemba pa kanema zinthu zosocheretsa anthu, zosagwirizana ndi zimene zili mkatimo. Kanema akhoza kuchotsedwa, ndipo mukabwereza tchanelo chimalandira chilango.

Pali chizolowezi china choipa kuposa pamenepa. Bokosi la matagi likadzaza, ena amatenga otsalawo n'kuwandandalika pansi pa `Description`, popeza kumeneko kumalowa zilembo 5000. Mumapeza mizere makumi awiri ya mawu opanda chiganizo, olekanitsidwa ndi makoma okhaokha. Chimenechi YouTube inachitchula mwachindunji kuti n'choletsedwa. Ngati muli ndi makanema otere, kafufuteni mizereyo lero lomwe, musadikire kuti akuuzeni.

Musasokonezenso matagi ndi mahashitagi, aja oyamba ndi `#`. Mahashitagi amalembedwa m'mutu kapena mu `Description`, amaoneka kwa oonera ndipo munthu akhoza kuwadina. Osapitirira atatu ndi amene amaonetsedwa pafupi ndi mutu. Mukaika opitirira 60 pa kanema mmodzi, YouTube imawanyalanyaza onse, ndi abwino omwe. Awiri kapena atatu akwanira.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, kanema wa ola limodzi amakamba nkhani zambiri, kodi sayenera matagi ochuluka kuposa wa mphindi zisanu? Ayi. Kutalika kwa kanema sikusintha kawerengedwe, bokosi ndi lomwelo, ntchito yake ndi yomweyo. Nkhani zambiri za mkati mwa kanema wautali zili ndi malo ake abwino kuposa matagi, ndiwo magawo a nthawi amene mumalemba mu `Description`. Pa kanema wa manyowa uja zingakhale chonchi:

```
0:00 Zofunika kusonkhanitsa
6:30 Kusakaniza ndowe, phulusa ndi madeya
18:10 Kumanga m'thumba ndi kusunga
29:45 Kuthira m'munda
```

Kuti zigwire, nthawi yoyamba ikhale `0:00`, magawo akhale atatu kapena kuposerapo motsatana bwino, ndipo lililonse lisachepere masekondi 10. Ubwino wake ndi wakuti mawu amenewa oonera amawaona. Mlimi amene bandulo yake yatsala pang'ono adumphira pa 29:45 n'kuona chimene amafuna, m'malo motseka kanema yense chifukwa chotopa ndi malonje. Tagi yobisika singamuchitire zimenezo. Theka la ola limene mumathera pa matagi lija lipite kuno, ndi ku mizere iwiri yoyamba ya `Description`, imene iyenera kunena m'chiganizo chomveka zimene munthu aphunzire.

Mwina muli ndi kapulogalamu kamene kamapatsa kanema malikisi, n'kumafiira mukaika matagi ochepa. Malikisi amenewo ndi a amene anapanga kapulogalamuko, si a YouTube, ndipo kubiriwira kwake sikutanthauza kuti kanema ayenda.

Musangokhulupirira za ine, tchanelo chanu chomwe chili ndi umboni. Tsegulani kanema mmodzi wautali mu YouTube Studio, pitani pa `Analytics`, kenako `Reach`. Pamenepo muona kumene oonera akuchokera: ena pa `Browse features`, makamaka tsamba loyamba la YouTube, ena pa `Suggested videos`, ena pa `External` monga WhatsApp ndi Facebook, ena pa `YouTube search`. Yambani mwaona kuti gawo la osaka ndi lalikulu bwanji. Tiyerekeze kuti mwa oonera 100 alionse, 15 okha ndiwo abwera posaka. Ndiye kuti theka la ola lija mukulithera pa kagawo kakang'ono, ndipo ngakhale m'kagawo komweko mutu ndi umene ukukoka kwambiri. Mukadina `YouTube search` muona mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni. Ayerekezeni ndi matagi anu. Kawirikawiri mupeza kuti mawuwo ndi omwe ali kale m'mutu, ndipo `viral` ndi `trending` mulibemo. Mukapezamo kalembedwe kachilendo kamene simunakaganizire, mwachitsanzo wina walemba `manyowa ambeya` mophatikiza, kameneko ndiye koyenera kuonjezera m'bokosi.

Ngati kanema sakuyenda, pa tsamba lomwelo yang'anani `Impressions click-through rate`, nambala yosonyeza kuti mwa anthu amene aona chithunzi cha kanema wanu ndi angati adina. Ikakhala yotsika poyerekeza ndi makanema anu ena, vuto lili pa mutu kapena chithunzi. Ikakhala bwino koma pa `Engagement` mukuona kuti anthu akuthawa m'mphindi yoyamba, vuto ndi kayambidwe ka kanema. Pa mavuto awiriwa palibe limene tagi ingachize.

Za makanema akale odzaza matagi, musavutike kuwakonza onse. Tsegulani okhawo amene munaikamo mayina a anthu kapena nkhani zosakhudzana ndi kanemayo, muchotse zimenezo, zotsalazo zisiyeni. Kenako pitani pa `Settings`, `Upload defaults`, muone ngati munasungako mndandanda wa matagi umene umadzilowetsa wokha pa kanema aliyense watsopano. Ambiri anauika kalekale n'kuiwala, moti kanema wa maliro amatuluka ndi matagi a nthabwala. Siyanimo dzina la tchanelo chanu lokha, makamaka ngati anthu amalilemba mosiyanasiyana, ndipo ena onse muziwalemba pa kanema aliyense payekha.